Nyumba ya Mabokosi Oyera, Njerwa Zochokera M'mawu

Pulani ya nyumba ndi pepala la mizere, manambala ndi timivi, ndipo eni nyumba ambiri akaiona amangogwedeza mutu mwaulemu. Mafunso enieni amabwera pambuyo pake. Nanga ikadzatha idzaoneka bwanji? Njerwa zisiyidwe poyera kapena tipake pulasitala? Malata obiriwirawo sadzanyansa? Kale, kuti wojambula mapulani ayankhe ndi chithunzi chooneka chenicheni, ankayenera kumanga nyumba yonse pakompyuta mpaka mafulemu a mawindo, kuika mtundu wa njerwa pakhoma lililonse, kutchera kuwala, kenako n'kusiya kompyuta ikugaya kwa nthawi yaitali.

Masiku ano ambiri akudzera njira yachidule. Amaumba nyumbayo pakompyuta ndi mabokosi okhaokha, oyera, opanda njerwa kapena penti. Akatero amajambula zomwe zikuoneka pasikirini, n'kupereka chithunzicho kwa pulogalamu ya AI yopanga zithunzi, pamodzi ndi mawu ochepa ofotokoza kuti khoma ndi la chiyani, denga ndi la chiyani, pansi pali chiyani. Pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri, mabokosi aja amabwerera atavala njerwa ndi malata, mtengo wa mango uli pambali.

Njirayi imayenda bwino ngati ntchito yagawidwa mosasokoneza. Chithunzi cha mabokosi chimanena za maonekedwe: kutalika kwa khoma, kupendekeka kwa denga, malo a chitseko, pomwe woonayo waima. Mawu amanena za zipangizo zomangira ndi kuwala. Zolakwika zambiri zimabwera munthu akafuna kuti mawu agwire ntchito ya chithunzi, kapena chithunzi chigwire ntchito ya mawu. Mukalemba kuti nyumba ikhale ya mawindo atatu kutsogolo koma pachithunzi pali khoma lopanda kanthu, mawindo adzabwera awiri, anayi kapena atatu osiyana misinkhu, chifukwa mapulogalamu amenewa sadziwa kuwerenga zinthu molondola. Mawindo atatuwo ajambuleni. Mawu muwasungire njerwa.

Titenge nyumba imodzi tiyende nayo mpaka kumapeto. Ndi nyumba wamba ya zipinda zogona zitatu, mamita 12 m'litali ndi mamita 9 m'lifupi. Makoma ake ndi okwera mamita 2.8, denga ndi lotsetsereka mbali zonse zinayi ndipo latuluka kunja kwa khoma ndi mamilimita 600. Kutsogolo kuli khonde la mamita 2 lokhala ndi zipilala zinayi. Mwini wake sanasankhebe pakati pa njerwa zosapaka ndi pulasitala.

Mabokosi tiwaumba mu SketchUp, pulogalamu yomwe idatuluka mu 2000 mumzinda wa Boulder ku America. Google idaigula mu 2006, ndipo kuyambira 2012 ili m'manja mwa kampani ya Trimble. Amene akufuna pulogalamu yaulere kotheratu akhoza kugwiritsa ntchito Blender, mfundo zake n'zomwezi. Mu SketchUp mumajambula pansi pa nyumba, n'kukoka ndi chida cha `Push/Pull` mpaka mamita 2.8, bokosi lalikulu latheka. Denga, khonde ndi zipilala ndi mabokosi ena owonjezera. Munthu wozolowera sathapo theka la ola.

Pali zinthu zochepa zoti musazinyalanyaze ngakhale muli pachangu. Mawindo ndi chitseko musangozilemba mizere pakhoma, zikankhireni mkati ndi mamilimita 100 kapena 150 kuti pakhale dzenje lenileni. Denga likhale ndi kuchindikala kwake m'mphepete, lisakhale ngati pepala. Pansi pa nyumba pakwezedwe pang'ono kuchoka padothi, mwina mamilimita 300, ndipo bwalo lenilenilo lijambulidwe, lalikulu ndithu, kuti nyumba isaoneke yolenjekeka m'malere. Chifukwa cha zonsezi tichiona kutsogoloku. Zina zonse, monga zogwirira zitseko ndi mizere ya malata, zisiyeni.

Kenako kamera. SketchUp ikangotsegulidwa munthu amakonda kuionera nyumba kuchokera m'mwamba, ndipo chithunzi chotuluka pamenepo chimaoneka ngati kachidole ka patebulo. Gwiritsani ntchito `Position Camera`, yomwe imaika diso pamsinkhu wa munthu woimirira, pafupifupi mamita 1.68, ndipo muime chapakona kuti makoma awiri aoneke. Sankhaninso `Two-Point Perspective` pansi pa `Camera`. Imeneyi imawongola mizere yonse yoimirira. Popanda iyo makoma amapendekera mkati akamakwera, ndipo pulogalamu yopanga zithunzi imakokomeza kupendekekako mpaka zipilala kuoneka zopindika.

Mithunzi ili ndi msampha wake. Ngati simunauze SketchUp komwe nyumba ili, dzuwa lake limayenda ngati la ku Boulder, komwe ndi kumpoto kwa dziko lapansi ndipo dzuwa la masana limakhala chakummwera. Lilongwe ali pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa ikweta. Mu Juni dzuwa la masana limakhala chakumpoto, choncho khonde loyang'ana kummwera limakhala mumthunzi, pomwe SketchUp yosauzidwa kanthu idzaliwalitsa ngwee. Ikani malo a puloti ndi `Add Location`, musankhe mwezi ndi ola, kenako muyatse mithunzi. Ola la 3 kapena 4 masana limapereka khoma limodzi lowala ndi lina lamthunzi, ndipo kusiyana kumeneku n'kumene kumathandiza pulogalamu kuzindikira pomwe pali kona.

Musanajambule sikirini, sesani. Zimitsani mizere itatu ya utoto wofiira, wobiriwira ndi wabuluu yomwe imadutsa pakati pa chifanizo, chotsani manambala a miyezo, sunthani kamuvi ka mausi kachoke pakhoma. Pulogalamu yopanga zithunzi sidziwa kuti mzere wabuluu uja si mbali ya nyumba. Imausandutsa mlongoti kapena waya wa magetsi, ndipo kamuvi ka mausi kakhoza kusanduka mbalame kapena nyali ya pakhoma. Pa Windows mumajambula podina mabatani awa pamodzi:

```
Windows + Shift + S
```

Koma ngati muli ndi mpata, `File > Export > 2D Graphic` imapereka chithunzi choyera bwino, ndipo mumasankha nokha kukula kwake. Chisungeni ngati `PNG`, chifukwa `JPG` imasiya timabala m'mphepete mwa mizere.

Tsopano chithunzi chipite kwa wopanga zithunzi. Mapulogalamu alipo ambiri. SketchUp ili ndi yakeyake, yomwe idatuluka kumapeto kwa 2023 ndi dzina loti SketchUp Diffusion, ndipo ina yotchedwa Veras imalowa mkati mwa SketchUp, Revit ndi Rhino. Ife tigwiritsa ntchito Stable Diffusion, yomwe idatulutsidwa poyera mu Ogasiti 2022, kudzera pa tsamba lake lodziwika kuti AUTOMATIC1111. Chifukwa chake n'chakuti kumeneko miyezo yonse ili poonekera, ndipo ukaimvetsa kumeneko suvutikanso kwina komwe adaibisa kuseri kwa mayina ena.

Njira yoyamba ili pansi pa `img2img`. Zomwe zimachitika mkati n'zosavuta kuzimvetsa. Pulogalamu imatenga chithunzi chanu n'kuchiwaza timadontho tosokonekera, tonga mchenga uja umaoneka pawailesi yakanema ikataya siteshoni. Ikatero imayamba kuchotsa timadonthoto pang'onopang'ono, maulendo 20 kapena 30, ndipo ulendo uliwonse imadzifunsa kuti pansi pa mchengawu pangakhale chiyani chogwirizana ndi mawu omwe yapatsidwa. Kuchuluka kwa timadontho kumalamulidwa ndi muyezo wotchedwa `Denoising strength`, woyambira pa 0 kufika pa 1. Pa 0 chithunzi chanu chimabwerera momwe chidapitira. Pa 1 chimakwiririka chonse, ndipo chotuluka ndi nyumba ya eni ake.

Apa ndi pamene mabokosi oyera amapereka mutu. Njirayi imasunga maonekedwe, koma imasunganso utoto. Mukaika 0.35, nyumba imakhalabe yanu koma makoma amakana kufiira: mumapeza njerwa zotuwa, kapena pulasitala woyera wokhala ndi timizere tosaoneka bwino. Mukakweza kufika pa 0.75, njerwa zimabweradi zokongola, koma windo limodzi lasamuka, chipilala chimodzi chasowa, denga laphuka kachipinda kam'mwamba. Pakati pa ziwirizi pali kampata kakang'ono, kawirikawiri pakati pa 0.5 ndi 0.6, ndipo nthawi zina kampatako sikapezeka n'komwe.

Mankhwala otsika mtengo ndi kupaka mabokosiwo utoto wamba musanajambule: makoma ofiirira, denga lobiriwira modera, magalasi otuwa modera, bwalo la mtundu wa katondo, kumwamba kwabuluu wotumbuluka. Simukuika njerwa ayi, ndi utoto chabe, ntchito ya mphindi ziwiri. Pulogalamu ikapeza kale kufiira pakhoma, sifunikanso kukwirira chithunzi kwambiri kuti ifike pa njerwa, ndiye 0.5 imakwanira. Utotowo umathandizanso kulozera mawu pamalo ake: pamene pali pobiriwira ndi pamene malata obiriwira amakakhala.

Mankhwala amphamvu kuposa amenewa ndi ControlNet, yomwe Lvmin Zhang, Anyi Rao ndi Maneesh Agrawala a ku yunivesite ya Stanford adaitulutsa mu Febuluwale 2023. Iyo sitenga utoto wa chithunzi chanu. Imatengamo mafupa okha, n'kuumiriza pulogalamu kuti iwatsate pomwe ikupanga chithunzi chatsopano kuchokera pachiyambi. Mafupawo amatengedwa m'njira zingapo, ndipo pa nyumba ziwiri ndi zomwe zimagwira ntchito kwambiri.

Yoyamba ndi `Depth`. Imeneyi imayerekeza kutalikira kwa chinthu chilichonse kuchokera pa kamera: chapafupi chimaoneka choyera, chakutali chakuda. Imasunga bwino thunthu la nyumba, khonde ndi zipilala, ndipo imasiya makoma omasuka kuti njerwa zioneke ndi mphamvu. Koma windo lomwe langolembedwa mizere pakhoma lili pamtunda umodzimodzi ndi khomalo, choncho kwa `Depth` windolo kulibe. N'chifukwa chake tidati mawindo akankhidwire mkati, ndipo bwalo lijambulidwe kuti pakhale pansi poti mtunda uziwerengedwapo. Yachiwiri ndi `Canny`, yomwe imatola mizere ya m'mphepete mwa zinthu. Imagwira windo lililonse pamalo pake, koma sisankha: mphepete mwa mthunzi nayo imatengedwa ngati mzere wa nyumba, ndipo mthunzi wa denga ukhoza kusanduka lamba wa penti wozungulira khoma. Pokonzera `Canny` ndi bwino kujambula chithunzi china kuchokera pamalo omwewo, mithunzi itazimitsidwa, pa `Hidden Line`, pomwe pamatsala mizere yakuda pamalo oyera. Palinso `MLSD`, yotola mizere yowongoka yokhayokha, yabwino pa nyumba ya makona koma yosaona chilichonse chokhota.

Pa nyumba yathu ndingaphatikize ziwiri: `Depth` pa `Control Weight` ya 1, ndi `Canny` pa 0.6 kapena 0.7. Mukaika `Canny` pamphamvu zonse, khoma limatuluka losalala ngati pulasitiki, chifukwa pulogalamu yauzidwa kuti pakhomapo palibe mizere, pomwe njerwa ndi mizere yokhayokha. Muyezo wina wothandiza ndi `Ending Control Step`. Mukauika pa 0.8, ControlNet imagwira dzanja la pulogalamu mpaka itatsala pang'ono kumaliza, kenako n'kulisiya. Thunthu la chithunzi limakhazikika m'maulendo oyambirira, ndipo omalizirawo ndi a tinthu ting'onoting'ono, monga kukhakhala kwa njerwa ndi kunyezimira kwa malata. Kumasula dzanja kumapetoko sikusuntha windo, koma kumapatsa khoma moyo.

Tafika pa mawu, omwe amalembedwa m'bokosi la `Prompt`. Amalembedwa m'Chingerezi, chifukwa zithunzi zomwe Stable Diffusion idaphunzirapo zambiri zidali ndi mawu ofotokoza a Chingerezi. Oyamba kumene amakonda kulemba zotere:

```
beautiful modern house, luxury, 8k, ultra realistic
```

M'mawu amenewa mulibe chipangizo chomangira ngakhale chimodzi. Pulogalamu ikasiyidwa kuti isankhe yokha, imasankha zomwe idaziona kawirikawiri pansi pa mawu otere: makoma oyera, magalasi aakulu, matabwa, kapinga wometa bwino, mwinanso dziwe losambiramo. Nyumba ya zipinda zitatu ija imasanduka ya m'magazini a kunja, ndipo mwini wake akaiona mtima umakwera pachabe.

Kalembedwe kabwino kamayenda ndi nyumba chigawo ndi chigawo, kuyambira chachikulu: khoma, denga, mawindo, pansi pa khonde, bwalo, kuwala. Pa chigawo chilichonse mutchule chipangizo, mtundu wake, ndi momwe chamalizidwira. Nayi ya nyumba yathu:

```
photo of a single storey house,
orange-brown clay face brick walls, recessed grey mortar joints,
dark green painted ribbed steel roof sheets,
white steel window frames, red polished cement veranda floor,
bare red earth yard, mango tree, late afternoon sun
```

Liwu lililonse pamenepa lili ndi chifukwa chake. Mukangolemba `brick`, kawirikawiri zimabwera njerwa zofiira kwambiri, zofanana zonse ngati za m'fakitale. Njerwa zootcha pa uvuni sizikhala choncho: zina zimapsa mpaka kuda, zina zimatsala zotumbuluka, ndipo makona ake si akuthwa. Amene akufuna zoterozo awonjezere `handmade` ndi `uneven colour`. Kutchula matope a pakati pa njerwa kumaoneka ngati kuchulutsa gaga m'diwa, koma n'kumene kumapangitsa khoma kuoneka lomangidwa ndi manja. Matope akalowa mkati pang'ono, njerwa iliyonse imakhala ndi kamthunzi kake pansi, ndipo diso la munthu limazindikira zimenezi ngakhale mwini wake sakudziwa chomwe waona.

Denga ndi lomwe limavuta kwambiri. Mawu oti `corrugated iron` amakonda kubweretsa malata adzimbiri, obooka, a pashedi yakale, chifukwa zithunzi zambiri zotchulidwa motero ndi za zinthu zakutha. Mukati `painted` ndi `steel roof sheets` mumayandikira malata atsopano opakidwa kufakitale. Dzina la pamsika monga IBR, lomwe aliyense wogulitsa malata kuno amalidziwa, pulogalamu silimva bwino. Fotokozani maonekedwe ake m'malo mwa dzina, n'chifukwa chake talemba `ribbed`, kutanthauza a mitsitsi yokwera. Chimodzimodzi pansi pa khonde: simenti yofiira yopukutidwa ndi polishi iyenera kufotokozedwa mtundu, chipangizo ndi kunyezimira kwake, apo ayi mudzapeza matailosi kapena matabwa. Bwalo nalo mukalisiya osalitchula limamera kapinga, ndipo ndaona zithunzi zambiri za nyumba za kuno zitazunguliridwa ndi mitengo ya kumayiko ozizira chifukwa choti wolembayo adaiwala kunena za panja.

Zosafunika zili ndi bokosi lakelake, `Negative prompt`. Musalembe `no chimney` m'bokosi loyamba lija, chifukwa pulogalamu imamva dzina la chinthucho kuposa liwu lokana, ndiye chumuni chimabwera chomwecho. Lembani dzina lokha m'bokosi lachiwiri:

```
second storey, roof tiles, chimney, lawn, rust, text
```

Mawu asachuluke. Gawo la Stable Diffusion lomwe limawerenga mawu limatenga tizidutswa 77 nthawi imodzi, ndipo tiwiri mwa timeneti ndi tosonyeza poyambira ndi pothera. N'chifukwa chake pakona ya bokosi la AUTOMATIC1111 pamaoneka nambala 75. Liwu limodzi likhoza kukhala kachidutswa kamodzi kapena tingapo, ndipo ngakhale kachizindikiro kopumira kamawerengedwa. Mukapyola, mawuwo amadulidwa m'magulu ndipo tanthauzo limamwazika. Mapulogalamu atsopano, monga FLUX.1 ya mu 2024, amamva ziganizo zazitali bwino kuposa apa, komabe chofunika kwambiri chikhale kumayambiriro.

Tadina `Generate`, ndipo zithunzi zinayi zatuluka. Pa zinayizo, tiyembekezere vuto lomwe aliyense wochita ntchitoyi amalidziwa: utoto wadumpha mpanda. Tidati malata obiriwira ndi mafulemu oyera, koma pa chithunzi china mafulemu ndi chitseko zabiriwira, pa china kufiira kwa pansi pa khonde kwakwera zipilala. Pulogalamu sigwira bwino kuti liwu la mtundu ndi la chinthu chiti, makamaka mitundu ikachuluka, ndipo ife tatchula isanu ndi umodzi. Poyamba chepetsani mitundu, musiye ya khoma, denga ndi bwalo. Chomwe chikufooka chikhoza kulimbikitsidwa ndi nambala, motere:

```
(white steel window frames:1.3)
```

Osakweza kwambiri. Mukafika cha m'ma 1.5 kuyera kumayamba kufalikira pakhoma, ndipo mwangosintha vuto ndi linzake. Njira yodalirika ndi kusiya kulimbana ndi chithunzi chonse. Sankhani chomwe khoma ndi denga zatuluka bwino, mupite nacho ku `Inpaint`, mupake mawindo okhawo ndi burashi, mulembe mawu a mafulemu okha, n'kuika `Denoising strength` cha m'ma 0.5. Kwina konse kumatsala momwe kudalili.

Vuto lachiwiri ndi la kukula kwa njerwa, ndipo ili ambiri saliona ngakhale limanamiza diso kwambiri. Pulogalamu sidziwa kuti khoma lathu ndi mamita 2.8. Ikaika njerwa zazikulu, nyumba imaoneka kanyumba. Ikaika zazing'ono, imaoneka holo. Poyesa, werengani mizere ya njerwa m'mbali mwa chitseko. Chitseko ndi pafupifupi mamita 2.1. Njerwa yokwera mamilimita 75 ndi matope a mamilimita 10 zimapanga mzere wa mamilimita 85, ndiye m'mbali mwa chitseko muyenera kukhala mizere pafupifupi 25. Mabuloko a simenti, omwe mzere wake ndi mamilimita 200, amakwana khumi ndi theka. Mukawerenga mizere 14 pa khoma lomwe likuti ndi la njerwa, chithunzicho chikunama za kukula kwa nyumba. Kusiya kamunthu koimirira pakhonde m'chifanizo cha mabokosi kumathandiza, monganso masitepe ndi chitseko chooneka bwino, popeza zimenezi ndi zomwe pulogalamu imayezerapo.

Pali chifukwa china chomwe njerwa zimakulira, ndipo chili m'kapangidwe ka pulogalamuyo. Stable Diffusion sigwira ntchito pa chithunzi chenichenicho. Imayamba yachifinya kasanu ndi katatu mbali iliyonse, kotero kuti chithunzi cha mapikiselo 512 chimasanduka timabokosi 64 m'litali ndi 64 m'lifupi. Tiwerengere pa nyumba yathu. Chithunzi chikhale cha mapikiselo 1024 m'lifupi, kukula komwe mtundu wa SDXL wa mu 2023 udaphunzitsidwira, ndipo khoma la mamita 12 litenge mapikiselo 800. Pikiselo imodzi ndi mamilimita 15, ndipo kabokosi kamodzi ka mapikiselo 8 ndi mamilimita 120. Mzere wa njerwa wa mamilimita 85 sukwana n'kabokosi kamodzi komwe. Chitsulo chotchinga akuba cha pawindo, cha mamilimita 12, sichikwana ngakhale pikiselo imodzi. Ndiye musadabwe zitsulozo zikatuluka zopotana kapena zosungunuka, ndipo palibe mawu omwe angaziwongole. Chomwe chimathandiza ndi kukulitsa chithunzi kawiri n'kuchidutsitsanso pa `img2img` ndi muyezo wotsika, cha m'ma 0.3, kapena kusankha `Only masked` pokonza windo, yomwe imakulitsa kachigawo kopakidwako kokha, n'kukakonza, kenako n'kukabwezera pamalo pake. Apo ayi, sendezani kamera pafupi mujambule khonde lokha.

Tibwerere kwa mwini nyumba ndi funso lake la njerwa kapena pulasitala. Kuti ayerekeze mwachilungamo, zithunzi ziwirizo zisiyane pa chinthu chimodzi chokha. Timadontho toyambira tija timachokera pa nambala yotchedwa `Seed`. Ikakhala pa -1, ulendo uliwonse imasintha, ndipo mtengo, mitambo ndi kuwala zimasinthira limodzi. Mukapeza chithunzi chabwino, koperani nambala yake muikhomere pamenepo, kenako musinthe mzere wa khoma wokha:

```
smooth cream painted plaster walls, dark grey painted plinth
```

Tinthu tina tidzasunthabe pang'ono, koma nyumba, dzuwa ndi bwalo zidzakhala zofanana mokwanira. Mukapanda kutero, munthu amasankha pulasitala chifukwa choti pachithunzi chake kumwamba kudatuluka kokongola.

Za makina, mwachidule: Stable Diffusion 1.5 imayenda pa kompyuta yokhala ndi khadi la zithunzi la magigabaiti 4 kapena 6, pomwe SDXL yophatikiza ndi ControlNet imafuna 8 kapena kuposa. Wopanda kompyuta yotere amagwiritsa ntchito mapulogalamu a pa intaneti, omwe ambiri amalipiritsa, ndipo akumbukire kuti chifanizo cha nyumba ya kasitomala chikupita pa makompyuta a kampani ina.

Chithunzi chisanapite kwa mwini nyumba chiyenera kuyesedwa ndi mabokosi omwe chidachokera. Tsegulani zonse ziwiri mu GIMP kapena Photoshop, cha mabokosi chikhale pamwamba, muchepetse `Opacity` yake kufika pa 50. Pamenepo chilichonse chomwe chasuntha chimaonekera: mzere wa denga wokwera kuposa wanu, windo lotambasuka, chipilala chonenepa. Werengani zipilala, ziyenera kukhala zinayi. Kenako yang'anani zomwe pulogalamu yawonjezera mwa iyo yokha, chifukwa imakonda kukongoletsa: nyali za pakhoma, miyala yokutira maziko, matabwa a kudenga la khonde, ngalande ya madzi a mvula yomwe paipi yake ikuthera m'malere. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi mtengo wake, ndipo mwini nyumba akachiona pachithunzi amayesa kuti chili m'pulani ndi m'bajeti. Chomwe mulibe m'pulani chifufutidwe ndi `Inpaint`, kapena mukambirane kuti chilowemo.

Mtundu wa penti ndi wa malata nawo usatengedwe pasikirini. Kubiriwira komwe kwatuluka si kwa kampani iliyonse yopanga malata, ndipo kumasintha ndi foni yomwe munthu akuonerapo. Chithunzi chimathandiza kusankha pakati pa denga lodera ndi lowala, koma mtundu weniweni ukasankhidwe pogwira chidutswa cha lata ndi njerwa zingapo, n'kuziika padzuwa papuloti pomwepo. Amisiri apatsidwe pulani yokhala ndi miyezo, yomwenso ndi imene khonsolo imafuna povomereza zomanga. Pansi pa chithunzi chopita kwa mwini nyumba lembanipo kuti n'chongoyerekeza maonekedwe ndipo chapangidwa ndi AI, muikeponso tsiku. Nambala ya `Seed`, mawu onse ndi chithunzi cha mabokosi zisungidwe mufoda imodzi, chifukwa sabata yamawa mwini nyumba akhoza kuimba foni kuti akufuna aone denga lomwelo lili lofiira.